Kufunsa za mwayi wa ntchito ya oyamba kumene

Lolemba, 3 Malichi 2025

Kwa Bwana woyang'anira zolemba anthu ntchito,

Dzina langa ndine Tadala, ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba. Ndinamaliza digiri ya sayansi pa Yunivesite ya Malawi, ku Chanco, m'chaka cha 2024, ndipo phunziro langa lalikulu linali kemisitiri. Ndikufuna kudziwa ngati kampani yanu ikhala ndi malo a oyamba kumene nyengo yogula mpunga ndi mtedza ikubwerayi, makamaka kumbali yoyeza ubwino wa mbewu kapena kunyumba yosungiramo katundu.

Ndinene poyera kuti sindinalembedwepo ntchito kwina kulikonse. Zomwe ndingakuonetseni ndi zomwe ndinazichita ndi manja anga kulabotale ya kusukulu. Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza anali woyeza chinyezi cha mpunga wosapuntha wochokera kumasikimu a Likangala ndi Domasi. Ndimadziwa kutapa mbewu zoyeza m'matumba ndi kachitsulo kobayira, pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, osati m'matumba apakhomo okha, chifukwa wogulitsa wochenjera amaika ouma bwino kutsogolo. Ndimayeza chinyezi ndi kamakina ka m'manja komanso poumitsa mu uvuni n'kufananitsa kulemera kwake. Mpunga wosapuntha umafunika ukhale pa 14 peresenti kapena kutsikirapo pang'ono. Ukapitirira umatentha pamulu, umasanduka wachikasu ndipo umachita chuku. Ukaumitsitsa padzuwa, kapena ukauma n'kunyowanso ndi mame, njere zake zimang'aluka mkati, ndiye pachigayo mumatuluka wosweka wambiri womwe mtengo wake ndi wotsika.

Masamu ake ndimawatsatanso. Thumba la makilogalamu 50 logulidwa chinyezi chili pa 20 peresenti, likauma kufika pa 14, limatsala ndi makilogalamu 46.5. Pamatumba 100 kampani yalipira madzi olemera makilogalamu 350.

Kumbali ya mtedza, ndinaphunzira za poizoni wa chuku, aflatokisini, ndi momwe amachulukira mtedza ukawazidwa madzi kuti usavute kuswa, kapena ukaikidwa m'thumba usanaume. Makina akuluakulu oyezera poizoniyu ndinangowaona akugwiritsidwa ntchito, sindinawagwirepo ndekha. Pakompyuta ndimatha kulemba kaundula wa katundu wolowa ndi wotuluka pa Excel. Ndimayankhula Chichewa, Chingerezi ndi Chiyao, choncho pamsika wa ku Songani kapena ku Jali sindingasowe chokamba ndi alimi.

Mafunso anga ndi awa, bwana. Kodi pali malo amene mumalemba munthu wopanda luso la kuntchito, kaya a kanthawi, kaya ongophunzirira ntchito? Ngati alipo, kalata ndilembe kwa yani, ndipo ifike liti? Ngati palibe pakadali pano, mungandilole kusiya mapepala anga kuti mudzandikumbukire?

Ndaphatikiza CV yanga ya masamba awiri. Ndingathe kuyamba tsiku lililonse, ndipo kugonera kumsika wakutali si vuto kwa ine.

Ine wanu,
Tadala

Lachitatu, 5 Malichi 2025

A Tadala,

Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Tauwerenga pamodzi ndi mkulu wa kumbali yoyeza mbewu.

Kulabotale kulibe malo chaka chino. Kuli anthu awiri ndipo akukwanira. Malo omwe alipo ndi a makalaliki asanu ndi mmodzi ogula mbewu, a miyezi inayi, kuyambira pa 1 Meyi mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Pamalo amenewa sitifunsa kuti munagwirapo kuti. Sitikubisirani, ndi ntchito ya fumbi. Kalaliki amafika pamsika isanakwane 7 koloko m'mawa, amayesa sikelo ndi mwala wodziwika kulemera kwake asanayambe kugula, amabaya thumba lililonse, amalemba risiti ya makope atatu, ndipo madzulo amafananitsa matumba omwe ali pansi ndi omwe ali m'buku. Zikasiyana, sachoka mpaka chifukwa chake chipezeke. Ndalama sagwira, amalipira alimi ndi wina. Amene agwira bwino nyengoyi ndi amene timayamba kuwaganizira malo okhazikika akapezeka, koma limeneli musalitenge ngati lonjezo.

Ngati mwasangalatsidwa nazo, lembani kalata yofunsira ntchito, ya tsamba limodzi, m'Chingerezi, kupita kwa woyang'anira zolemba anthu ntchito. Itchule dzina la ntchitoyo mumzere woyamba. Makalata ambiri amene timawaika pambali ndi aja onena kuti "ntchito ina iliyonse yomwe ilipo", chifukwa sitidziwa kuti tiwapereke kwa yani. Zomwe mwalemba za chinyezi cha mpunga zilowemo, koma mwachidule. Ziganizo zitatu zikwanira.

CV yanu ifunika kuikonza isanabwerenso. Tsamba loyamba lonse mwadzaza ndi sukulu ya pulayimale, mudzi, mfumu yaikulu, mpingo ndi zomwe mumakonda kuchita mukapuma, pomwe kafukufuku wanu ali kumapeto kwenikweni kwa tsamba lachiwiri, mumzere umodzi. Tembenuzani. Munthu amene sanagwirepo ntchito, kafukufuku wake ndiye ntchito yake: lembani kuti munayeza chiyani, ndi zida zanji, zitsanzo zingati, ndipo munapeza zotani. Za mudzi ndi mpingo chotsani. Mwalembanso kuti ndinu wolimbikira ndiponso wokhulupirika. Aliyense amalemba zomwezo, ndipo sitingaziyeze. Ngati munasungapo ndalama za kagulu ka ophunzira, kapena munalembapo mabuku pagolosale ya kwanu patchuthi, tchulani zimenezo ndi miyezi yake.

Anthu okuchitirani umboni akhale awiri, ndipo mmodzi akhale mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanu. Achibale ayi. Muwauziretu kuti tidzawaimbira, ndipo mutsimikize kuti nambala zawo zikugwira. Tikaimba kawiri osayankhidwa, kapena akayankha kuti sakukukumbukirani, timapita kwa wotsatira pamndandanda. Nambala yanunso ikhale yopezeka masana. Ngati foni imakonda kuzima chifukwa cha magetsi, onjezani ya m'bale amene mumakhala naye.

Pamodzi ndi kalata ndi CV muike kope la satifiketi ya digiri, kope la satifiketi ya MSCE, ndi kope la chitupa cha unzika mbali zonse ziwiri. Ngati satifiketi ya digiri simunalandire, chikalata cha magiredi kapena kalata ya kuyunivesite yonena kuti munamaliza tidzailandira. Makopewa akhale odindidwa ndi majisitireti kapena loya. Zikalata zenizeni musatumize, mudzabwere nazo m'manja tsiku la mayeso.

Zonsezi muziphatikize zikhale fayilo imodzi ya PDF yosapitirira 2 MB, dzina lake likhale lanu ndi la ntchitoyo, motere:

```
Tadala_Kalaliki_2025.pdf
```

Zithunzi zojambula ndi foni, pepala lili pamkeka, theka lake mthunzi, sitiziwerenga. Pitani pamalo osindikizira mapepala m'tauni akakujambulireni ndi makina. Tumizani pa imelo yomweyi, osati pa WhatsApp. Amene angakonde kubweretsa pamanja asiye envelopu yomata pageti, alembetse dzina m'buku la alonda. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu pa 14 Malichi, 4 koloko madzulo. Yofika pambuyo pake sititsegula.

Osankhidwa tidzawaimbira sabata yotsatira, ndipo mayeso adzakhala Lachiwiri pa 25 Malichi, 8 koloko m'mawa, kunyumba yathu yosungiramo katundu. Pali masamu a mphindi 30, opanda foni koma kakyuleta ndi yololedwa: kuchotsera kulemera kwa thumba, kuwerengera mtengo, maperesenti. Kenako tidzakupatsani matumba asanu kuti muwabaye, muwayeze, munene oti tigule ndi oti tibweze, n'kufotokoza chifukwa chake ngati mukuuza mlimi amene wayenda ndi njinga kuchokera kudambo. Apa m'pamene ambiri a madigiri amagwera. Nambala amaipeza yolondola, koma kubweza thumba la munthu wamkulu mwaulemu, iye akuchonderera, kumawakanika, mapeto ake amalilandira lonyowa. Thumba limodzi lotero likalowa pakati pa mulu limaononga anzake. Muvale nsapato zotseka ndi zovala zoti zikade.

Malipiro, ndalama ya chakudya ndi za malo ogona kumsika tidzazifotokoza tsiku lomwelo, ndipo zidzalembedwa m'kalata ya mgwirizano musanayambe ntchito.

Chomaliza, ndipo ichi muuzekonso anzanu. Kampani yathu silipiritsa kalikonse polemba anthu ntchito, kaya ya fomu, kaya ya yunifolomu, kaya ya kuchipatala. Nyengo ino kumachuluka anthu oimba foni kuti ndi a kuofesi kuno, n'kumati tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe. Ameneyo ndi wakuba. Musatumize, ndipo mutidziwitse nambala yake.

Wanu,
Woyang'anira zolemba anthu ntchito

Lachinayi, 6 Malichi 2025

Bwana,

Zikomo kwambiri poyankha, komanso pondionetsa pofunika kukonza. Ntchito ya ukalaliki ndikuifuna, ndipo ndilemba kalata. Kafukufuku ndamukweza kale pamwamba pa CV, ndipo ndawonjezera miyezi itatu yomwe ndinkalemba mabuku pachigayo cha chimanga cha amalume ku Chinamwali. Amalumewo sindiwaika pa ochitira umboni. Ndaika aphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanga ndi mkulu wa kulabotale ya kusukulu, ndipo onse awiri avomera.

Ndili ndi mafunso awiri. Chitupa changa cha unzika chinatha nthawi yake mu Januwale. Ndinakalembetsa china kuofesi ya NRB koma sichinatuluke. Kodi ndiike kope la chakalecho pamodzi ndi kapepala komwe anandipatsa? Funso lachiwiri, kamakina koyezera chinyezi komwe mumagwiritsa ntchito ndi kotani, kobaya m'thumba kapena kothiramo mbewu n'kufinya? Kusukulu tinali ndi kofinya, ndiye ngati kanu ndi kena ndikufuna ndikaonereko pasadakhale.

Ine wanu,
Tadala

Lachinayi, 6 Malichi 2025

A Tadala,

Ikani zonse ziwiri, chitupa chakalecho ndi kapepalako, patsamba limodzi. Kamakina ndi kofinya. Kumbukirani kusankha mtundu wa mbewu musanayeze, chifukwa mukayeza mpunga wosapuntha kali pa chimanga kamapereka nambala yolakwika. Muyeze katatu pathumba lililonse n'kutenga yapakatikati. Tidikira fayilo yanu isanakwane 4 koloko pa 14 Malichi.

Woyang'anira zolemba anthu ntchito