Kwa Mayi Nachisale, pa tsiku lomwe mwakwanitsa zaka 50

Mayi,

Kalatayi yalembedwa ndi dzanja limodzi koma eni ake tilipo 23: a mu ofesi kuno ku Limbe, a kunyumba yosungiramo katundu, madalaivala, alonda, amayi opeta ndi kusankha nandolo, komanso anzathu a kumisika yogulira mbewu ku Migowi ndi ku Luchenza. Sabata yatha ndinapempha aliyense kuti apereke mawu ake. Ena analemba pafoni, ena anachita kujambula mawu, ndipo a Gama, mlonda wausiku, anandisiyira pepala long'amba m'kope atalipanikiza ndi mwala pawindo la ofesi. Ndinkaganiza kuti ndivutika kulumikiza zonsezi. Sindinavutike, chifukwa nditawerenga ndinapeza kuti pafupifupi tonse tikunena chinthu chimodzi: inu mumayamba mwamva kaye munthu musanaweruze nkhani yake.

Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi a Yohane a ku Migowi, ndipo avomera kuti nkhani yawo ilembedwe pano. Chaka chawo choyamba pa sikelo, anagula matumba 40 a nandolo wosauma bwino. Anakhulupirira maso ndi mano awo, osayeza ndi makina. Katunduyo atafika kuno, matumba apansi anali atayamba kale kutentha ndi kununkha chuku. Akuti usiku umenewo sanagone, ndipo m'mawa anakwera minibasi atanyamula ndi makiyi omwe, poganiza kuti akukawapereka. Inu munawapatsa mpando, munaitanitsa tiyi, n'kuwafunsa kuti afotokoze mmene tsikulo linayendera kuyambira pomwe anatsegula chitseko. M'kufotokozako ndi momwe zinadziwika kuti makina oyezera chinyezi anali atafa kwa milungu iwiri, ndipo kalata yawo yodandaula inali isanakufikeni. Chenjezo munawapatsa ndithu, lolembedwa, chifukwa anayenera kuimba foni asanagule. Koma Loweruka lomwelo munapita nokha ku Migowi ndi makina ena, n'kukhala nawo pa sikelo mpaka dzuwa kupendeka. Lero a Yohane ndi amene amaphunzitsa anyamata atsopano kuyeza. Mawu awo ndi akuti: "Mayi anandidzudzula pa awiri, chitseko chili chotseka, ndipo nkhaniyo sindinaimvenso pakamwa pa munthu wina."

Anthu asanu ndi awiri anatchula za mwezi wa Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Nkhani zawo ndaziika pamodzi chifukwa zikungolowerana. Matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, munatenga buku la maina a antchito n'kuyamba kuimbira aliyense, mmodzimmodzi, kuphatikizapo aganyu onyamula matumba omwe sali pa malipiro a mwezi. Foni ya a Esinati sinkapezeka. Munatuma a Mbewe ndi lole, nanunso munakwera kutsogolo, mpaka munakawapeza pamsasa wa pasukulu ali ndi ana awo atatu, atangofunda chitenje chimodzi chonyowa. A Esinati akuti chomwe sadzaiwala n'chakuti ufa ndi mabulangete zisanatsitsidwe, munayamba mwakhala nawo pansi, pasimenti yozizira, n'kulira nawo. A ku Migowi anali osafikirika masiku amenewo, misewu ndi milatho ya ku Phalombe ndi ku Mulanje itaduka, ndipo akuti foni itangoyamba kugwira, funso lanu loyamba linali lakuti, "Nonse muli moyo?" Za katundu munafunsa mawa lake.

A ku akaunti, a Chikondi ndi a Banda, anakumbukira za Novembala chaka chomwecho, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya minibasi, sopo ndi mafuta ophikira inakwera m'masiku ochepa, malipiro ali pomwepo. Munatiitana tonse m'nyumba ya katundu, tinakhala pa matumba, ndipo munatiuza mosabisa zomwe mungathe ndi zomwe simungathe. Simunalonjeze zokweza malipiro chifukwa mphamvu imeneyo si yanu. Munalonjeza kukamenyera nkhondo ndalama ya thiransipoti kwa eni kampani, ndipo a Banda, omwe anakonza nanu mapepala ake, akuchitira umboni kuti munabwererako katatu mpaka inatheka. Ine ndemwe ndinaona kuti tsikulo anthu anatuluka opanda ndalama yowonjezera m'thumba, koma palibe amene anang'ung'udza panjira.

Madalaivala mawu awo ndi achidule. A Mbewe ndi a Saidi akuthokoza kuti nthawi ya kusowa kwa dizilo, iwo akugona pamizere ya pafilingisiteshoni, munkawatumizira chakudya ndipo simunawakakamize kuyenda usiku kuti abweze nthawi yotayika. A Saidi awonjezera kuti Lachisanu masana simuwapatsa ulendo kufikira atachoka kumzikiti, ndipo sanachite kukupemphani kawiri.

Amayi opeta anasankha kutumiza uthenga umodzi, ndipo anaujambula akuimba, malichero ali m'manja. Nyimboyo sindingailembe pano, mudzaimva nokha madzulo ano. Anandiuza kuti ndisaiwale ziwiri: tinsalu totchinga pakamwa ndi mphuno tomwe munawagulira fumbi la nandolo litayamba kuwatsokomoletsa, komanso kuti mumawadziwa onse maina, ndi ana awo omwe. Mayi Nasibeko akuti mwana wawo atasankhidwa kupita kusekondale, inu munali woyamba kufunsa ngati yunifolomu yapezeka.

Pali chinthu china chomwe anthu anayi anatchula, ndipo ndaona kuti kuchisiya kukhala kukubisirani. Tikukupemphani kuti muzipuma. Nyengo yogula nandolo ikafika, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mumafika alonda asanasinthane ndipo mumachoka mdima utagwa, nkhomaliro yanu ili chitsekere m'kontena patebulo. A Gama analemba papepala lawo lija kuti: "Nyali ya mu ofesi ya Mayi ndi yomwe imazima komalizira. Azipita kunyumba, katundu ndikuyang'anira ine." Ife munatiphunzitsa ntchito, ndiye tikhulupirireni nayo masiku ena. Tchuthi chomwe mwakhala mukuchikankhira kutsogolo chija mutenge chaka chino, mukaone agogo kumudzi ku Ntcheu monga mumanenera.

Mafuno ena onse anali ofanana, ndiye ndawamanga mtolo umodzi. Akhristu ndi Asilamu tonse tikukupemphererani kuti Mulungu akupatseni thanzi labwino ndi zaka zina zambiri, adalitse bambo akunyumba ndi ana, ndipo mudzaone zidzukulu zikukula. Achinyamata omwe abwera posachedwa, a Tadala ndi a Limbani, akuti sanakudziweni nthawi yaitali, koma akupempha kuti musatope ndi mafunso awo. Kuyambira pomwe munabwera mu 2018 mwatiperekeza pamaliro a abale athu, mwavina nafe pamaukwati, ndipo lero ndi nthawi yathu yoti tikusangalalireni.

Tasonkherana kangachepe. Muli chitenje chomwe anasankha amayi opeta pamsika wa Limbe, ndi fulasiki ya tiyi yochokera kwa madalaivala ndi alonda. A ku Migowi atumiza nkhuku yachikuda ndi mkoko wa nthochi, zabwera pa lole ya m'mawa. Tikupempha kuti 3 koloko masana ano mutseke ofesi mubwere kunyumba ya katundu. Tasesa, tayala mikeka, keke ilipo, ndipo amayi akonzekera nyimbo yawo.

Tsiku labwino lokumbukira kubadwa kwanu, Mayi Nachisale.

M'malo mwa anzanga onse a ku Limbe, Migowi ndi Luchenza, omwe asaina kuseri kwa khadi,

Ine Tiyamike,
mlembi wa mu ofesi