Mgwirizano wa Kaleredwe ndi Chithandizo cha Ana

Ku Bwalo la Milandu ya Ana, Zomba

Ife, bambo a Mphatso, okhala ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ndi mayi a Mphatso, okhala ku Chinamwali mumzinda wa Zomba, tinasiyana mu Novembala 2024 ankhoswe athu atalephera kutiyanjanitsa. Tili ndi ana awiri: Mphatso wa zaka 10, yemwe ali Sitandade 5, ndi Tadala wa zaka 4. Tagwirizana izi popanda wotikakamiza, potsata gawo 23 la Malamulo Aakulu a Dziko ndi lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo kwa ana.

1. Ana azikhala ndi mayi awo ku Chinamwali. Bambo aziwatenga Loweruka loyamba la mwezi m'mawa n'kuwabweza Lamulungu dzuwa lisanalowe. Pa tchuthi chachikulu cha Ogasiti, Mphatso azikhala kwa bambo ake masabata atatu; Tadala adzayamba kugona kumeneko masiku ochuluka akadzakwanitsa zaka 6. Khirisimasi tizisinthana, kuyambira ndi bambo mu 2025.

2. Bambo, omwe ndi kalipentala, azipereka K120,000 lisanadutse tsiku la 5 la mwezi uliwonse, kudzera pa Mpamba ya mayi. Ndalama za pamanja kapena zopatsira munthu wa pa minibasi sizidzawerengedwa, chifukwa ndi zomwe zinatikanganitsa kale. Aliyense azisunga uthenga wa pafoni ngati umboni. Mu Meyi, bambo aziwonjezerapo matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50. Maoda akasowa, azinena lisanafike tsiku la 5 lija, ndipo zotsalazo zidzakhala ngongole yobweza pasanathe miyezi iwiri. Zovala, zoseweretsa kapena kamba yemwe bambo agulira ana mwa kufuna kwawo sizichotseredwa pa K120,000 ija. Mu Janyuwale tiziunikanso ndalamayi malinga ndi mitengo ya zinthu.

3. Yunifolomu, nsapato, makope ndi fizi ya sukulu ya mkaka ndi za bambo. Nyumba, sopo ndi ndiwo ndi za mayi. Ndalama za kuchipatala tizigawana pakati, ndipo buku la kuchipatala liziyenda ndi mwana. Mwana akagonekedwa, winayo adziwitsidwe tsiku lomwelo.

4. Palibe adzasinthe mwana sukulu, kumusamutsa ku Zomba kapena kutuluka naye m'dziko muno popanda chilolezo cholembedwa cha mnzake. Bambo akachedwa kupereka ndalama, mayi sadzawakaniza kuona ana, adzakadandaula kukhoti. Wina akakwatira kapena kukwatiwanso, udindo wake sukutha. Sitidzanyozana pamaso pa ana kapena kuwatuma mauthenga a ndalama.

5. Tikasemphana, tiyambire kwa ankhoswe, kenako ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Zikakanika, tibwerere kubwalo lino.

Chithandizochi chidzapitirira mpaka mwana aliyense atakwanitsa zaka 18, kapena atamaliza maphunziro ngati adzakhale akadali pasukulu. Tikupempha bwalo kuti livomereze mgwirizanowu ukhale chigamulo chake.

Tasainira ku Zomba pa 14 Malichi 2025, mgwirizano wonse utawerengedwa mokweza pamaso pa tonse.

Osaina: bambo a Mphatso, mayi a Mphatso.
Mboni: nkhoswe ya kuchimuna, nkhoswe ya kuchikazi, omwe ndi malume a mayi a Mphatso.