Mafunso ndi Pepala la Malikesi: Ntchito ya Kalaliki wa Kopaletivi ya Mpunga, Nkhotakota

Kwa ofunsa atatu nonse: funsani mafunso awa momwe alembedwera, mwandondomeko yomweyi, kwa aliyense. Mphindi 20 pa munthu. Wachibale wanu akalowa, tulukani.

1. Mlimi wabweretsa matumba 14 a Kilombero olemera makilogalamu 50 lililonse. Lembani m'kaundula, muwonetse kulemera konse. (Yankho: 700.)
2. Tiuzeni nthawi ina imene ndalama sizinagwirizane ndi malisiti. Munachita chiyani?
3. Mlimi akudandaula kuti sikelo yamubera. Mungatani?

Malikesi pa funso lililonse:
0: sanayankhe, kapena wasochera.
1: wangolankhula zabwino popanda chitsanzo.
2: chitsanzo chilipo koma chosamaliza.
3: wanena chimene chinachitika, zimene anachita, ndi zotsatira zake.

Pa funso 3, malikesi 3 apite kwa wonena kuti ayezanso mlimiyo akuona, nalemba dandaulolo. Kulankhula mokoma si umboni.

Aliyense alembe malikesi ake asanakambirane ndi anzake, apo ayi mawu a wapampando amakoka onse. Mukasiyana ndi malikesi 2, bwererani ku zimene munalemba. Osafunsa za mtundu, chipembedzo, banja kapena mimba.

Atatu apamwamba ayitanidwenso Lachisanu. Akafanana, funso 1 ligamule.