Lipoti la kuba ndi mfuti komwe kunachitika m'shopu yanga

Kwa Mkulu wa Polisi,
Nthambi Yofufuza Milandu.

Bwana,

Ine ndine mwini wa shopu ya mafoni ndi zipangizo zamagetsi imene inaberedwa dzulo, Lachisanu pa 14 Malichi. Ndalemba lero mtima utakhala pansi, chifukwa zimene ndinauza apolisi anu usiku uja zinali zodukizadukiza.

Nthawi inali cha m'ma 6:40 madzulo. Ndinali nditatseka chitseko chimodzi, ndikuwerenga ndalama pakauntala, mtsikana wanga wantchito akubwezera mafoni m'makatoni. Mlonda anali asanafike, poti amayamba 7 koloko. Munalowa mwamuna wina n'kupempha tchaja. Nditatembenuka kuti nditenge pashelefu, munalowanso wachiwiri n'kukoka chitseko chotsalacho. Pamene ndimacheuka n'kuti mfuti yaifupi ili pamphumi panga.

Woyamba uja anati, "Gonani pansi nonse, wokuwa afa." Tinagona chafufumimba. Wachiwiriyo anatimanga manja kumbuyo ndi zingwe za matchaja a m'shopu momwemo, kenako anakhuthula dirowa ya pakauntala. Atatero, wamfutiyo anandiponda pamsana n'kunena kuti, "Zina zija zili kuseri, m'chitini." Pamenepa ndiye ndikupempha kuti muonetsetse, Bwana. Chitini chimenecho chimakhala m'chipinda cha katundu, kuseri kwa makatoni a mabatire, ndipo munthu wongodutsa sangachidziwe. Nditazengereza kuyankha anandimenya ndi tsinde la mfuti pamwamba pa khutu lakumanja, ndipo ndinawauza pamene panali kiyi.

Anaika katundu m'zikwama ziwiri zakuda zomwe anabwera nazo, anazula kabokosi kosunga zithunzi za kamera, n'kutuluka. Zonsezi sizinapitirire mphindi 10. Mfuti sanaombe. Panja ndinamva njinga yamoto ikulira. Mlonda ndiye anatimasula atafika, ndipo tinaimbira polisi pa foni yake nthawi ili 7:05.

Maonekedwe a mbavazo ndi awa.

Wamfuti: wamtali kundiposa ine, mwina mamita 1.8, wochepa thupi, wakuda, wazaka za m'ma 30. Anavala jekete yachikopa yakuda ndi chipewa chofiira, nkhope yosaphimba. Ali ndi chipsera chochoka pansi pa diso lakumanzere kufika pafupi ndi mlomo, ndipo dzino limodzi lakutsogolo ndi lobenthuka. Mfuti anaigwira ndi dzanja lamanzere. Mawu ake ndi osasa, amalankhula mosapupuluma ngati wozolowera ntchito yotere. Ameneyu ndinamuonapo kale. Anabwera Lachitatu masana, anafunsa mafoni atatu osiyanasiyana osagula ngakhale imodzi, ndipo anaima nthawi yaitali moyang'anana ndi khomo la chipinda cha katundu ine ndikulowa ndi kutuluka. Nditamuonanso ndikhoza kumuzindikira mosakayika.

Wachiwiri: wamfupi, wojintcha, wowalirapo khungu. Kukamwa ndi mphuno anaphimba ndi nsalu yabuluu, ndipo anali ndi chikwanje m'chiuno. Amatsimphina mwendo wakumanja. Wantchito wanga akuti anaona ndolo kukhutu lake, ine sindinaione. Mnzake anamuitana kamodzi kuti "Mfana", kaya ndi dzina kaya n'kuitana chabe.

Wachitatu sanalowe. Mayi wa shopu yoyandikana nafe akuti anali pa njinga yamoto yofiira yopanda nambala, atavala chisoti chakuda, ndipo onse atatu anakwera njinga imodziyo kulowera chakumadzulo. Mayiwa avomera kudzapereka umboni.

Katundu wobedwa:
mafoni atsopano 23 (Tecno 11, Itel 8, Samsung 4), onse ali m'makatoni awo;
mafoni 5 a makasitomala omwe anabwera kudzakonzetsa;
foni yanga ndi ya wantchito wanga;
laputopu imodzi yotuwa, yosweka pakona yakumanja, momwe muli kaundula wa katundu;
nyale za sola 6;
kabokosi ka kamera;
ndalama zonse za malonda a Lachinayi ndi Lachisanu, kuphatikizapo za m'chitini. Kuchuluka kwake kuli m'buku la malonda lomwe ndapereka pamodzi ndi lipotili.

Ndaphatikizanso malisiti a kooda, pomwe pali nambala ya IMEI ya foni yatsopano iliyonse. Nambalayi ili ndi manambala 15, sisintha ngakhale munthu aikemo simu ina, ndipo imaoneka akaimba *#06# pafonipo. Ndikupempha kuti nambalazi ziperekedwe ku makampani a mafoni. Kalata ya kuchipatala, komwe anandisoka masitichi anayi, ilinso pomwepo.

Apolisi anu anandifunsa ngati ndikukayikira wantchito wanga. Sindikumukayikira. Wagwira kwa ine zaka 4, makiyi amasunga ndi iyeyo ine ndikachoka, ndipo sipanasowepo kanthu. Ena odziwa za chitini ndi anyamata awiri omwe anapenta chipindacho mwezi watha, ndipo nambala zawo za foni ndalemba kuseri kwa buku la malonda.

Zingwe zomwe anatimangira ndi dirowa sitinazigwirenso. Shopu ikhala yotseka mpaka ojambula zidindo za zala atabwera.

Ine wanu,
Mwini shopu
15 Malichi