Zomwe tinakambirana kale pa za nyumba ya Amayi

Malume, Amayi aang'ono, achimwene, achemwali ndi alamu nonse, takulandirani pa gulu latsopanoli. Lakale lija linadzaza ndi mavidiyo ndi mauthenga a maliro a kwina, moti nkhani ya nyumba inkasowa pakati. Komanso achimwene a ku Joni anasintha nambala, ndiye zambiri zinawadutsa. Malume anandituma kuti ndilembe mwachidule zomwe tinagwirizana, kuti tisayambirenso poyamba. Ndamvetseranso mavoisi onse ndisanalembe. Pomwe ndaphonya mundikonze, koma zomwe tinamanga kale tisazimasulenso.

Nkhani yomwe inatidyera nthawi ndi ya malo. Kuchokera pomwe namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba mu Malichi 2023, Amayi akugona m'khitchini muja tinafolera ndi pulasitiki, ndipo dzinja lachiwiri likubwera. Iwo ankafuna timange pa maziko akale, chifukwa mpamene pali mango awo, nandolo wawo, ndipo kumanda kwa Agogo nkoyandikira. Palibe amene anawanyoza pa zimenezi. Koma Malume anakumbutsa kuti madzi anadutsa pomwepo pa napolo wa 1991, nadzadutsanso chaka chathachi, ndipo khwawa lija tsopano lakula, lafika pafupi ndi pomwe panali nkhokwe. Madzi saiwala khwawa. Atakhala nawo pansi kawiri konse, Amayi anavomera okha kuti tikwere kumtunda, pamalo a mbumba kuseri kwa chulu chachikulu, mbali yoyang'ana msewu wa ku Migowi. Amfumu anafika, anayenda m'malire pamaso pa Malume ndi eni munda woyandikana nawo, ndipo tinadzala khonje m'ngodya zonse zinayi. Munda wakumunsi ukhalabe wa Amayi, azilima monga kale. Chonde nkhani ya malo yatha, wina asakawafunsenso Amayi kumbali ngati akusangalala nazo. Zimangowabwezera maganizo.

Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi khonde kumaso. Khitchini ndi bafa zikhala panja. Alamu a ku Lilongwe anafunsa za mabuloko a simenti, ndipo mfundo yawo inali yomveka, poti kuotcha njerwa kukutha mitengo ndipo phiri la Michesi tonse tikuliona mmene layerera. Titawerengera mtengo wa mabuloko ndi wonyamulira kuchokera ku Limbe tinaona kuti thumba lathu silifika. Tinagula njerwa zootcha kale kwa munthu wa m'mudzi woyandikana, sitinaotche uvuni wathu.

Pomwe sitikufuna kunyengerera mpa kamangidwe. Nyumba yakale inagwa chifukwa njerwa zinalumikizidwa ndi dothi, ndipo mvula itagwa masiku otsatizana chipupa chinamwa madzi kuchokera pansi mpaka chinangokhala pansi. Ndiye tinagwirizana kuti maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, amangidwe ndi simenti, atuluke pamwamba pa nthaka mizere ya njerwa yosachepera itatu, ndipo pamwamba pake payalidwe pulasitiki wakuda wotchinga chinyontho chipupa chisanayambe. Pamwamba pa mawindo ndi zitseko padzadutsa bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse, ndipo mawaya omangira denga adzalowe m'bimumo, asadzangokhomedwa pamwamba pa njerwa. Denga lituluke ndithu kuti mvula isamamenye chipupa. Mmisiri ananena kuti tingathe kupulumutsa matumba angapo tikamanga mkati ndi dothi. Tinakana. Ine ndikanakonda tichedwetse pulasitala ndi penti, Amayi alowe m'nyumba ya njerwa zoonekera, kusiyana nkuti tibe simenti ya m'chipupa.

Za ndalama zili motere. Zonse zomwe zalowa kwa achemwali aakulu, omwe ndi msungichuma wathu, ndi K2,150,000. Tagula njerwa 12,000 pa K480,000, galimoto yotuta inadya K120,000, ndipo simenti matumba 30 inatenga K600,000. Zatsala K950,000. Malisiti ndi zithunzi za mauthenga a ndalama achemwali aziikanso muno lero madzulo. Simentiyo ili kwa Amayi aang'ono, yasanjidwa pa matabwa, siikukhudza pansi kapena chipupa. Tinaigula msanga pokumbukira mmene mitengo inalumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma simenti siyosunga miyezi yambiri, imachita mibulu. Nchifukwa chake maziko sangadikirenso.

Mmisiri tinagwirizana naye K900,000 ntchito yonse, yolipira katatu: K300,000 akamaliza maziko, ina akafika pa bimu, yotsala akakhoma malata. Palibe kumupatsa ndalama ntchito isanaoneke, ngakhale atakuimbirani kumbali kuti mwana wadwala. Akatero muuzeni alankhule ndi Malume. Mchenga ndi madzi ndi za ife. Adzukulu a kumudzi atuta mchenga, ndipo amayi anayi otunga madzi pa mjigo azilipidwa pa Loweruka lililonse.

Ndalama zonse zizipita ku nambala imodzi ya achemwali aakulu, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wotumiza aziikapo yochotsera. A ku Joni apitirize kudzera pa Mukuru monga akuchitira. Mukatumiza lembani muno kuchuluka kwake. Musapatsire Amayi m'manja ndalama ya nyumba. Mukudziwa mtima wawo, mawa agulira mdzukulu yunifolomu, ndipo palibe angawadzudzule. Ya ndiwo ndi sopo apatseni padera mmene mungathere.

Zomwe sitinamalize ndi ziwiri. Choyamba ndi malata. Achimwene a ku Joni akufuna a geji 28, akuti olimba, sapindika munthu akakwera ndipo sachita dzimbiri msanga. Achemwali a ku Bangwe akuti a geji 30 akwana, yotsalayo tigulire zitseko zabwino. Kwa amene zimawasokoneza, nambala ikakhala yaing'ono lata limakhala lochindikala. Ine ndili mbali ya 28, chifukwa mphepo yotsika m'phiri kwathu kuja siyamasewera ndipo denga sitidzalisinthanso posachedwa, koma mawu omaliza ndi a tonse. Alamu a ku Blantyre analonjeza kufunsa mitengo ya mitundu yonse iwiri m'masitolo atatu a ku Limbe, pamodzi ndi ya misomali ya malata, matabwa a denga ndi mankhwala a chiswe opaka matabwawo.

Chachiwiri ndi woyang'anira ntchito. Malume miyendo ikuwavuta, sangamakwere kumtunda kuja tsiku ndi tsiku. Pakufunika munthu woti aziwerenga matumba m'mawa ndi madzulo, aziona kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, azionetsetsa kuti konkire ikuthiridwa madzi masiku oyamba, ndiponso azititumizira zithunzi. Panatchulidwa mwana wa Amayi aang'ono amene wangolemba mayeso a Fomu 4, koma mwini wake sitinamufunse, ndipo sitinakambe ngati tidzamupatse kangachepe.

Ndalama yotsalayi ikwanira mmisiri yekha, kutsala K50,000. Denga, zitsulo za bimu, zitseko ndi mawindo zilibe ndalama, ndipo simenti idzafunika yowonjezera. Tinagwirizana kuti aliyense anene yekha zomwe angathe kupereka pofika pa 30 Sepitembala, popanda kupikisana kapena kuchititsana manyazi. Amene zamuvuta mwezi uno auze achemwali aakulu kumbali, kuti tidziwe powerengera.

Tikufuna malata akhomedwe Okutobala asanathe, mvula yoyamba isanagwe. Mmisiri ayamba kukumba Lolemba pa 16. Choncho tiimbirane muno Lamulungu pa 15 Sepitembala 2024, nthawi ya 7 koloko madzulo. Ku Joni nthawi ndi yomweyo. Alamu, mitengo ija itipeze Loweruka lisanathe kuti aliyense aione tisanalankhule. Amene wawerenga angolemba kuti waona, ndipo Amayi aang'ono muwawerengere Malume poti maso awo savomera zilembo zazing'onozi.