Kalata kwa komiti ya kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mkanda: sinditha kuyamba ntchito chaka chino

Bembeke, Dedza
17 Febuluwale 2025

Kwa Bambo Wapampando ndi komiti yonse,
Kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya,
Mkanda, Mchinji

Bambo Wapampando,

YANKHO LANGA PA NTCHITO YA MANIJALA WA NYUMBA YOSUNGIRAMO MBEWU

Ndalandira kalata yanu ya pa 7 Febuluwale yondidziwitsa kuti komiti yandisankha kukhala manijala wa nyumba yanu yosungiramo mbewu kuyambira Lolemba pa 3 Malichi. Zikomo kwambiri. Munandipatsa mpaka pa 21 Febuluwale kuti ndiyankhe, koma ndaona kuti si bwino kudikira tsiku lomaliza pamene maganizo ndamanga kale. Ndi ulemu wonse, ndikupepesa kuti ntchitoyi sinditha kuyivomera chaka chino.

Ndalemba m'Chichewa, komanso motalikitsa pang'ono, chifukwa alembi anu anandiuza kuti makalata otere mumawawerenga pamsonkhano wa mamembala. Anthu amene anasiya minda yawo pa 28 Januwale, nthawi yotanganidwa chonchi, kudzakhala tsiku lonse akufunsa mafunso ife ofuna ntchito, ayenera kumva chifukwa chenicheni, osati mizere iwiri yongoti zikomo pepani.

Ndiyambe ndi kuchotsa chikayiko. Nkhani si malipiro ayi. K480,000 pamwezi, nyumba ndi njinga yamoto n'zoposa zimene ndikulandira kuno, ndipo ndikudziwa kuti ndalama imeneyo ikuchokera m'masheya a alimi, osati kwa azungu. Sindikulemba kuti muwonjezere, ndipo mukawonjezera yankho langa silisintha. Sindinapezenso ntchito ina kwina. Ndikhala pompano pamene ndili.

Chimene chandigwira mwendo ndi ngongole ya alimi amene ndimawalangiza kuno ku Bembeke. Mu Novembala chaka chatha, makalabu atatu, alimi 47 onse pamodzi, anatenga ngongole yogulira mapampu awiri oyendera dzuwa ndi mbewu ya mbatatesi yodzala kudimba. Ndine amene ndinawalimbikitsa. Ndinayenda khomo ndi khomo, ndinawerengera nawo ndalama papepala, ndipo tsiku losayinira ndinaimirira pamaso pa a Gulupu ndi kunena kuti ndidzakhala nawo mpaka tambala yomaliza itabwezedwa. Ena mwa iwo anaika mbuzi ngati chikole. Mayi wina wamasiye anaika malata amene anagula kuti afolere nyumba, ndipo mpaka lero ali chiunjikire kuseri kwa khitchini yake. Mbewuyo tidzala mvula ikatha, kukolola ndi cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo ngongole iyenera kutha pofika pa 31 Okutobala. Ndikachoka mu Malichi ndiye kuti ndawasiya mapampu asanathire ndi mzere umodzi womwe, ndipo wodzalowa m'malo mwanga adzafika osadziwa kuti ndani anakongola zingati, ndani ali ndi dimba lovuta madzi, ndani amafuna kumukumbutsa kawiri. Pakontirakiti yanga palibe chondiletsa kuchoka, mwezi umodzi wa notisi ndi wokwanira. Koma mawu aja ndinawanena ndi pakamwa panga, ndipo a Gulupu akuwakumbukira.

Ndikhulupirira kuti inu mundimvetsa kuposa wina aliyense. Tsiku lija, mayi amene anakhala kumanzere kwanu, asungichuma aja, anandifunsa kuti, “Mwanawe, ukapeza pena pabwino pakati pa msika, sudzatithawa?” Ndinayankha kuti ayi. Tsono ndikawathawa a ku Bembeke lero kuti ndibwere kwa inu, yankho lija lidzakhala lopanda mutu, ndipo amayiwo adzakhala ndi chifukwa chomveka chogonera diso limodzi lili kwa ine.

Chifukwa chachiwiri ndi chapakhomo, ndipo sindichulutsapo mawu. Mwana wanga woyamba ali mu Sitandade 8 ndipo alemba mayeso chaka chino. Analembetsa kale pasukulu ya kuno. Kumusamutsa pano n'kumusokoneza, kumusiya kwa agogo ake amene maso akuwavuta sindingathenso.

Kunena zoona, kukana kumeneku sikunandipepukire. Kalata yanu ndinaisunga masiku angapo m'Baibulo, n'kumaitulutsa madzulo. Ntchito ya mtedza ndi imene ndinaikonda kuyambira ndili pasukulu ku Natural Resources College, pamsewu womwewo wopita kwanu ku Mchinji, ndipo ndi ku Chitedze kumene ndinaonera koyamba mmene amayezera chuku mu mtedza. Mtedza wa ku Mchinji unafikapo mpaka m'masitolo a ku Britain, ndipo palibe chifukwa choti wa ku Mkanda uzingothera pasikelo ya venda m'mbali mwa msewu. Nditalowa m'nyumba yanu ija ndinaona ntchito ya manja a anthu odziwa chimene akufuna: simenti yosalala pansi, mpata wolowera mphepo pansi pa denga, ndi buku lolembamo katundu lopanda tsamba long'ambidwa ngakhale limodzi, chinthu chimene sindinachione kawirikawiri.

Popeza munandifunsa zimene ndingayambe nazo ndikanalowa ntchito, ndilembe pano zimene ndinayankha kuti zisathere m'chipinda chija. Zimenezi ndi zanu, kaya ndabwera kaya ayi, ndipo amene mumulembe akhoza kutengapo zimene zamukomera.

Kachipangizo koyezera chinyontho kamene ndinakaona mudilowa ya alembi kakusowa mabatire basi. Kagulireni msika usanayambe, ndipo kazikhala pambali pa sikelo, osati mu ofesi. Mtedza wosenda usalowe m'nyumbamo chinyontho chikapitirira 7 kapena 8 pa 100 aliyense. Kuluma njere kapena kugwedeza thumba kuti mumve kulira kumathandiza, koma mlimi amatsutsa dzino la manijala, satsutsa nambala imene waiona yekha. Matumba asagone pasimenti kapena kutsamira khoma. Ngati mapaleti adula, milimo ya bulugamu yokhomerera bwino imagwira ntchito yomweyo, ndipo pakati pa mulu ndi khoma pazitsala mpata woti munthu n'kudutsa.

Koma nkhondo yaikulu ya chuku siili m'nyumba yosungiramo, ili pakhomo pa mlimi. Tonse tikudziwa chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti makoko afewe posenda, ndiponso kuti ulemereko pasikelo. Madzi amenewo ndi amene amadzutsa chuku, ndipo poizoni wake saoneka ndi maso, satha ngakhale mtedzawo mutaukazinga kapena kuusinja n'kuthira m'ndiwo. Amawononga chiwindi, ndipo mtedza umene wogula wakana ndi womwewo umene umabwerera kunyumba n'kukalowa m'phala la ana. Maganizo anga anali oti kopaletivi izigula mtedza wosasenda momwe ingathere, n'kumasenda yokha ndi makina pamene wogula wapezeka, chifukwa m'makoko mtedza umasungika bwino. Kumunda nako, alimi azikumba pa nthawi yake, makamaka CG7, n'kuumitsa posanja mulu wozungulira, masamba kunja mtedza mkati, pakati posiya mpata wa mphepo, m'malo moyanika padothi. Ndiponso CG7 ndi Chalimbana zisasakanikirane m'thumba limodzi, poti ogula amapereka mtengo wabwino pa mtedza wofanana kukula.

Pempho langa loyamba ndi lakuti musandisungire malo. Mtedza ukhala ukukumbidwa mu Epulo ndi Meyi, soya akhala atauma kale, ndipo nyumba yopanda manijala pa nthawi imeneyo ndi phwando la mavenda. Tinalipo anayi tsiku lija. Tili pabenchi panja ndinacheza ndi anzangawo, ndipo ndinaona kuti muli nawo anthu oti angaigwire ntchitoyi bwino lomwe. Itanani sabata ino amene ananditsatira pamayeso aja, kuti akhale ndi nthawi yopereka notisi kumene ali.

Pempho lachiwiri ndi lakuti mapepala anga musawataye. Munanena kuti muli ndi maganizo otsegula malo ena ogulirapo mbewu cha ku Kapiri, ndiponso kuti mtsogolo muno mudzafuna mlangizi woyendera makalabu. Kuyambira mu Novembala chaka chino ndidzakhala womasuka: ngongole ya kuno idzakhala itatha, ndipo mwana adzakhala atadziwa sukulu imene wapita. Mpata ukadzapezeka nthawi imeneyo kapena chaka chamawa, ndidzakondwa kumva. Sindikuti mudzandipatse popanda mayeso chifukwa choti munandisankhapo kale. Ndidzalemba kalata ngati wina aliyense, ndidzakhalanso pabenchi pomwe paja, ndipo asungichuma adzandifunsenso funso lawo lija. Mpatawo ukapanda kupezeka, sindidzadandaula, poti wakana ndine.

Pakadali pano pali kanthu kamene ndingathe. Loweruka sindigwira ntchito. Ngati komiti ingakonde, ndikhoza kubwera Loweruka pa 5 Epulo ndi pa 12 Epulo kudzaphunzitsa alimi otsogolera za kaumitsidwe ndi kasankhidwe ka mtedza, kumunda kwenikweni osati m'kalasi. Sindifuna alawansi, mungondibwezera ya thiransipoti. Koma izi zichitike pokhapokha manijala watsopanoyo atagwirizana nazo, ndipo akhale iye woitana. Sindifuna kuti munthu ayambe ntchito akuona ngati amene anakana uja akumuyang'anira kumbali.

Makope awiri a kontirakiti amene munanditumizira ndawabweza pamodzi ndi kalatayi, osasayina. Ndaikamonso mapepala anayi ofotokoza mmene tingalembere katundu wolowa ndi wotuluka, okhala ndi malo olembapo chinyontho cha thumba lililonse ndi dzina la kalabu, monga ndinalonjezera alembi. Dzulo madzulo ndinayesa kukuimbirani kuti mumve kaye ndi pakamwa panga kalatayi isanafike, koma foni yanu sinkapezeka. Ndiyesanso Lachitatu m'mawa. Nambala yanga ndi yomwe ili pa kalata yanga yofunsira ntchito, sinasinthe.

Mundiperekere moni ndi kuthokoza kwanga kwa a komiti onse, ndi kwa amayi amene anatiphikira nsima ya nkhwani wotendera tsiku lija, osasiyanitsa wofunsa ndi wofunsidwa. Mvula ikupitirira bwino kuno, ndikhulupirira kuti kwanunso mtedza wayanga.

Ine wanu,

Tiyamike Mbewe (Mayi)
Mlangizi wa makalabu a alimi, Bembeke