Kapangidwe ka amoniya: chifukwa chake fakitale sidikira kuti mpweya wonse usanduke

Ophunzira a chaka chachitatu, ndalemba izi nditamaliza kuchonga mayeso anu a sabata yatha. Pa funso lachinayi ambiri munalemba kuti fakitale itsitse kutentha kuti ipeze amoniya wambiri. Le Chatelier mwamuloweza bwino, koma fakitale yotere ingatseke isanagulitse thumba ndi limodzi lomwe.

Tiyambire pa zomwe mukudziwa:

N₂ + 3H₂ ⇌ 2NH₃, ΔH = −92 kJ

Mamolo anayi a mpweya akusanduka awiri, ndipo kutentha kukutuluka. Ndiye ikwilibiriyamu imakonda puresha yaikulu ndi kutentha kochepa. Pa 100 atm ndi 400 °C, amoniya amafika pafupifupi 25 pa 100 alionse a mpweya wosakanizawo. Mukakweza kufika 500 °C amatsika kufika cha m'ma 11. Pa 300 atm manambalawo amakhala pafupifupi 47 ndi 26.

Vuto ndi naitirojeni. Wadzaza mumlengalenga, 78 pa 100 alionse, koma maatomu ake awiri anagwirana ndi mabondi atatu, ofuna mphamvu pafupifupi 945 kJ pa molo kuti alekane. Mpweya ukazizira, ikwilibiriyamu imakulonjezani zambiri, koma mudzadikira mpaka imvi. Katalisiti ya chitsulo, yothiramo pang'ono K₂O ndi Al₂O₃, imathandiza kuthyola mabondiwo pamwamba pake, komabe imachita ulesi kutentha kukatsika kwambiri pansi pa 400 °C. Ndipo chonde, katalisiti sisuntha ikwilibiriyamu. Imangokufikitsani msanga pomwe mukanafika ndithu. Ena mwa inu munataya malikisi pamenepa.

N'chifukwa chake mafakitale ambiri amagwira pakati pa 400 ndi 500 °C: amalolera kutaya gawo la zokolola kuti agule liwiro. Zomwe kutentha kwalanda, amayesa kuzibweza ndi puresha, kawirikawiri 150 mpaka 300 atm. Nanga bwanji osapitiriza kukweza? Funsani wolipira mphamvu yoyendetsera kompuresa, ndi wogula riyakitala ya khoma lochindikala. Fritz Haber ataonetsa njirayi mu labotale mu 1909, Carl Bosch wa ku kampani ya BASF ya ku Germany anapeza kuti mapaipi akung'ambika, chifukwa haidirojeni wotentha amalowa m'chitsulo n'kudya kaboni wake. Anaika chitsulo chofewa mkati, n'kuboola timabowo pa khoma lakunja kuti haidirojeni wodutsa azithawirapo. Fakitale ya BASF ya ku Oppau, ku Germany komweko, inayamba ntchito mu 1913. Kwa ine nzeru ya timabowoyi ndi uinjiniya weniweni kuposa ikweshoni ili pamwambayi.

Tsopano taganizani za minibasi ya Limbe–Blantyre masana. Dalaivala akhoza kuima pa siteji mpaka mpando womaliza utadzaza, kondakitala akusasa mawu. Mnzake amanyamuka ndi anthu ochepa, n'kupanga maulendo ambiri. Madzulo bwana amawerenga ndalama za tsiku lonse, safunsa za ulendo umodzi. Fakitale ndi dalaivala wachiwiriyu. Mpweya sukhalitsa pa katalisiti mpaka kufika pa ikwilibiriyamu, poti poyandikira pamenepo liwiro limafa. Pa ulendo umodzi umasanduka mwina 15 pa 100 alionse basi. Potuluka umaziziritsidwa, amoniya, amene amawira pa −33 °C pa puresha wamba, amasanduka madzimadzi n'kupatulidwa, pomwe naitirojeni ndi haidirojeni otsala amabwezedwa mu riyakitala. Pozungulira chomwechi, pafupifupi 97 pa 100 alionse amasanduka.

Kuzungulirako kuli ndi mtengo wake. Agoni wochokera mumlengalenga ndi metheni wotsalira popanga haidirojeni salowa nawo mu riyakishoni, amangochulukana ngati okwera osalipira, n'kumachepetsa puresha ya mipweya yofunikayo. Pamafunika kutayako mpweya pang'ono nthawi zonse, ndipo haidirojeni wina amapita nawo. Salufa, CO ndi chinyezi ndi poizoni kwa katalisiti, zichotsedwe mpweya usanalowe.

Mkati mwa riyakitala momwemo kutentha sikukhala kumodzi. Riyakishoni imadzitenthetsa yokha, motero katalisiti imaikidwa m'magawo angapo, ndipo pakati pake mpweya umaziziritsidwa. Koyambirira amoniya akadali wochepa, kutentha kwakukulu kumapindulitsa. Kumapeto, atachuluka, gawo lozizirirapo ndilo limafinya otsalawo.

Lachinayi mubwere ndi ntchito iyi. Thumba la feteleza wa yureya la makilogalamu 50, longa lomwe mumaona m'mashopu a ku Limbe, lili ndi naitirojeni 46 pa 100 alionse, kutanthauza makilogalamu 23. Pezani makilogalamu a amoniya ofunika pa thumba limodzi, ndi mamolo a mpweya oyenera kudutsa mu riyakitala ngati ulendo umodzi ukusandutsa 15 pa 100 alionse. Kenako bwerezani ndi 20, ndipo mulembe ndime imodzi yonena chomwe fakitale ingalipire kuti ifike pamenepo.